Halaal, vigani ndi guluteni: kufikitsa uthenga wa mlendo kukhitchini osaupotoza

Mu lesitilanti ya kuno ku Indiana, mawu amene mlendo wanena patebulo sapita kwa wophika mwachindunji. Mlendo amauza womasulira, womasulira amauza weyitala, weyitala amalemba pa kompyuta, uthengawo umatulukira pa kapepala kapena pa sikirini ya kukhitchini, wophika amauwerenga ali ndi mapoto ena asanu pamoto, kenaka wina amene sanamve nkhani yonseyo amanyamula mbale kubwera nayo patebulo. Paliponse pamenepa mawu amodzi akhoza kutayika. Ambiri mwa ife, ku South Bend kapena ku Indianapolis, timapezeka penapake pa mzere umenewu. Ena ndife aweyitala, ena timathandiza m'makhitchini a nyumba zosamalira okalamba, ndipo ana athu ndi amene amamasulira agogo kapena amalume akabwera kuchokera kumudzi.

Zosowa zitatu zimene zimamveka kawirikawiri ndi halaal, vigani ndi chakudya chopanda guluteni. Pa menyu zimaikidwa pafupi ngati ndi zofanana, koma kukhitchini chilichonse chimafuna ntchito yakeyake.

"Sindidya" ali ndi matanthauzo angapo

Ntchito ya womasulira imayamba asanatsegule pakamwa m'Chingerezi. Munthu akati "sindidya zimenezo" akhoza kutanthauza kuti chakudyacho sachikonda, kuti chipembedzo chake sichimulola, kuti chimamuwenga, kapena kuti adokotala anamuletsa. Wophika amafuna kudziwa kuti ndi ziti mwa zimenezi, chifukwa ndi zimene zimamuuza ngati angochotsa chinthucho pamwamba pa mbale kapena ayambirenso ndi poto wotsuka, mpeni wina ndi magolovesi atsopano.

Ulemu wathu umaonjezera vuto. Mlendo wachimalawi safuna kuoneka wovuta, choncho amati "chilichonse ndidya" kapena "musavutike, pang'ono palibe kanthu". Mawu amenewa akamasuliridwa monga momwe alili, weyitala wa kuno amawatenga ngati chilolezo. Kwathu mwininyumba amadziwa kuti "musavutike" ndi mawu aulemu chabe, ndipo amafunsanso kachiwiri. Kuno palibe amene adzafunsenso. Womasulira ndi amene ayenera kufunsa kachiwiriko m'Chichewa, mwakachetechete, weyitala asanafike.

Mawu akuti "nyama" nawo ndi msampha. Kwa ambiri a ife nkhuku ndi nkhuku, nsomba ndi nsomba, ndipo nyama ndi ya ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba. Munthu akati sadya nyama mwina nkhuku amadya. Pamene mlendo wa kuno wanena kuti sadya nyama, nthawi zambiri amaphatikizapo nkhuku, nsomba ngakhale msuzi wa mafupa. Mayi amene akuthandiza kuphika pa phwando akamva kuti "mlendoyu sadya nyama" akhoza kumuikira usipa ndi mtima wabwino ndithu. Choncho musamasulire dzina la gulu la zakudya. Tchulani chimodzichimodzi: ng'ombe, nkhuku, nsomba, mazira, mkaka.

Halaal

Zinthu ziwiri zimene Msilamu aliyense wosunga halaal amapewa ndi nkhumba ndi mowa. Chachitatu ndi kaphedwe ka chiweto: chizingidwe pakhosi, dzina la Mulungu litatchulidwa, magazi atuluke. Kwathu izi sizifuna kufotokoza kwambiri. Ku Mangochi kapena ku Machinga wogulitsa nyama amadziwa, ndipo m'matauni tinazolowera kuona chikalata cha halaal chochokera ku Muslim Association of Malawi chitapachikidwa pakhoma la butchala. Kuno nkhuku ndi ng'ombe za mu lesitilanti wamba si zozinga pokhapokha atanena okha kuti amagula kwa ogulitsa halaal.

Asilamu amasiyana pa mfundo yachitatuyi. Ena amadya nkhuku ndi ng'ombe za mu lesitilanti iliyonse malinga mulibe nkhumba, ena safuna nyama imene sinazingidwe mwachisilamu. Kusankha pakati pa ziwirizi si ntchito ya womasulira, ngakhale womasulirayo atakhala Msilamu mnzake. Funsani mwiniwake.

Mawu akuti halaal paokha sathandiza kwambiri m'khitchini ya ku Indiana. Wophika wina amamva kuti ndi "popanda bekoni" basi, wina amaganiza kuti ndi chimodzimodzi ndi kosha ya Ayuda, pamene kosha imalola vinyo. Choipa china, dera lino limakonda nkhumba kwambiri. Sangweji yotchuka ya ku Indiana ndi ya nyama ya nkhumba yophwanyidwa, yokutidwa mu ufa ndi kukazingidwa m'mafuta ambiri, ndipo m'malo ambiri mafuta omwewo ndi amene amakazingira tchipisi. Zitheba amaphika ndi tizidutswa ta bekoni kapena hamu. Giravi woyera wa m'mawa amakhala ndi soseji ya nkhumba. Pepaloni wa pa pitsa kawirikawiri ndi nkhumba yosakaniza ndi ng'ombe. Mafuta a nkhumba, amene pa paketi amalembedwa `lard`, amapezeka m'makeke ena, mu nyemba zopota za m'malesitilanti ena a Chimeksiko, ndi mu ufa wina wosakaniza kale wophikira buledi wa chimanga. Jelatini wa m'maswiti ofewa ndi m'zotsekemera zonjenjemera zija nthawi zambiri amachokera ku nkhumba.

Mowa umabisala mu vinyo wothira mu msuzi ndi mu phala lokutira nsomba limene ena amasakaniza ndi mowa. Ophika amakonda kunena kuti mowawo umauluka pophika. Umachepa, koma sikuti wonse umatha, ndipo kwa mlendo wina nkhani si kuchuluka kwake. Ngakhale vanila wamadzi uja, mwa muyezo wa FDA, amakhala ndi mowa wosachepera 35 pa 100 alionse. Mashehe amasiyana maganizo pa timadontho ta vanila mu keke, choncho nenani zimene zilimo, mlendo asankhe yekha.

Pa zakudya za m'mapaketi, bungwe la IFANCA la ku Illinois limaika chizindikiro cha mwezi wokhala ndi chilembo M pa zimene laziyendera. Boma lalikulu la America lilibe muyezo wake wa mawu akuti halaal kapena vigani monga lilili ndi wa guluteni.

Abale athu a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene ndi ambiri ku South Bend, pafupi ndi Andrews University ya ku Berrien Springs, nawonso sadya nkhumba, mlamba ndi nkhanu, ndipo ena sadya nyama konse. Musawafupikitsire uthenga wawo ndi mawu akuti halaal poganiza kuti wophika amva msanga. Kuzinga si nkhani yawo, ndipo mawu a halaal sangamuuze wophika kuti asawapatse mlamba wokazinga, umene umapezeka pa menyu zambiri kuno.

Vigani

Apa nkhani ndi yaifupi koma imaphonyedwa kwambiri. Vigani sadya chilichonse chochokera ku chamoyo: nyama, nsomba, mazira, mkaka, batala, tchizi, ndipo ambiri ngakhale uchi. Vejeteliyani amadya mazira ndi za mkaka. Mawu awiriwa amamveka ofanana m'khitchini yaphokoso, choncho pambuyo pa mawuwo tchulani batala ndi mazira, popeza ndi zimene wophika amathira mosaganiza. Mpunga wa m'malesitilanti ambiri amaphikira mu msuzi wa nkhuku. Masamba amawathira batala akangophula. Sosi wa Worcestershire amakhala ndi tinsomba ting'onoting'ono tonga usipa.

Pali chenjezo limodzi lofunika. Chakudya cha vigani si chitsimikizo kwa munthu amene mkaka kapena mazira zimamuwenga, chifukwa wophika wa vigani amayang'ana zimene wathira, osati supuni imene wagwiritsa ntchito. Komanso mkaka wolembedwa `lactose free` ndi mkaka wa ng'ombe ndithu, angosintha shuga wake, ndipo zothira mu khofi zina zolembedwa `non-dairy` zimakhala ndi `sodium caseinate`, yemwe amachokera ku mkaka.

Guluteni

Guluteni ndi puloteni wopezeka mu tirigu, balere ndi rayi. Ndi amene amachititsa kuti phala la mandasi litamuke. Mu chimanga, mpunga, mapira, mawere, chinangwa ndi mbatata mulibe. Nsima yathu ilibe guluteni, malinga ufawo sunagayidwe kapena kusungidwa pamodzi ndi wa tirigu.

Ena amapewa guluteni mwa kufuna kwawo. Koma kwa munthu wa matenda a seliyaki, amene amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse, ndi nkhani ya chipatala. Guluteni akalowa m'mimba, chitetezo cha m'thupi chimaukira matumbo aang'ono ndi kuwononga timinofu timene timayamwa chakudya. Mwana wotero akhoza kuchepa magazi, kusakula bwino, kutsekula m'mimba kapena kutopa nthawi zonse. Zizindikiro zimatha kubwera patapita maola kapena masiku, ndipo kwa ena sizioneka n'komwe pamene matumbo akuwonongeka. Ndi chifukwa chake mawu akuti "ulendo uja anadya koma sanadwale" si umboni wa chilichonse.

Mu 2013 bungwe la FDA linakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2014, lakuti chakudya cholembedwa `gluten-free` chikhale ndi guluteni wosafika magawo 20 pa magawo 1 miliyoni. Kunena kwina, mamiligalamu osafika 20 pa kilogalamu yathunthu ya chakudya. Nyenyeswa zochepa za buledi zotsalira pa thabwa lodulira zikhoza kupitiriza muyezo umenewu pa mbale imodzi. Moto suchotsa guluteni. Mafuta owira a mu fulaya samupha, popeza si kachirombo, amangomusamutsa kuchoka pa nkhuku yokutidwa ufa kupita pa tchipisi. Madzi amene aphikira pasita wa tirigu, tosita, sefa ndi mthiko wa mtengo wong'aluka zimachita chimodzimodzi. Menyu ikalembedwa `gluten-friendly`, dziwani kuti mawuwo alibe tanthauzo la lamulo. Kawirikawiri amatanthauza kuti sanathiremo tirigu koma sakulonjeza za ziwiya.

Pali mawu amodzi amene amasokoneza ife Amalawi makamaka. Chimera chathu cha thobwa ndi cha mawere, mapira kapena chimanga, ndipo mulibe guluteni. Koma mawu a Chingerezi amene mtanthauziramawu angakupatseni pa chimera ndi `malt`, ndipo pa mapaketi a kuno mawuwo pafupifupi nthawi zonse amatanthauza chimera cha balere. Choncho mayi akaona `malt` pa bokosi la makonifuleki n'kuganiza za thobwa, ampatsa mwana wa seliyaki chinthu chomudwalitsa. Mbali inayo, mukauza mlendo wa ku America kuti mu thobwa muli `malt`, alikana popanda chifukwa. Tchulani mbewu yake.

Buledi wa chimanga wa kuno amaoneka ngati chigumu, koma pafupifupi aliyense amasakaniza ufa wa chimanga ndi wa tirigu. Sosi wakuda wa soya amapangidwa ndi tirigu. Giravi ndi supu zambiri amalimbitsa ndi ufa wa tirigu.

Zimene paketi imanena ndi zimene sinena

Wophika wabwino akafunsidwa za sosi wogula amabweretsa botolo kapena kuwerenga yekha. Lamulo la 2004, limene linayamba kugwira ntchito mu 2006, limakakamiza opanga zakudya kulemba poyera zinthu zikuluzikulu zowenga anthu: mkaka, mazira, nsomba, za m'gulu la nkhanu, mtedza wa m'mitengo monga makadamiya, mtedza wathu wa pansi, tirigu ndi soya. Chitowe chinaonjezedwa ndi lamulo la FASTER Act la 2021, kuyambira pa 1 Januwale 2023, ndipo zonse zinakhala 9. Nthawi zambiri mumaziona pansi pa mndandanda wa zosakaniza, pambuyo pa mawu akuti `Contains`.

Onani zimene palibe pa mndandandawu. Balere ndi rayi palibe, choncho paketi yosatchula tirigu ikhoza kukhalabe ndi guluteni. Nkhumba palibe, mowa palibe, uchi palibe. Kwa mlendo wa halaal, wa vigani ndi wa seliyaki mzere wa `Contains` sukwanira, muyenera kuwerenga zosakaniza zonse. Mawu akuti `may contain` wopanga amalemba mwa kufuna kwake, ndiye kusowa kwake sikutanthauza kuti fakitaleyo sigwira zinthu zina.

Chitsanzo: chakudya cha madzulo ku Beech Grove

Tiyerekeze banja la ku South Bend latsika ndi msewu wa US 31 kudzakondwerera mwana amene wamaliza koleji ku Indianapolis. Asungitsa tebulo la anthu 14 mu lesitilanti ina ya zakudya zachikale za kuno ku Beech Grove, katauni ka kumwera chakum'mawa kwa mzindawu komwe kuli malo okonzera sitima za Amtrak. Chakudya ndi chogawana: nkhuku yokazinga, mbatatesi yopota ndi giravi, zitheba, buledi wa chimanga, saladi, tchipisi, ndi payi wa kirimu ndi shuga amene anthu a ku Indiana amanyadira. Pagulupo pali amalume ochokera ku Mangochi, mnyamata wa zaka 9 wa seliyaki, ndi msuweni wa vigani. Womasulira ndi mtsikana wa zaka 17.

Ntchito yake ikuyamba masiku awiri tsikulo lisanafike. Akufunsa amalume poyamba.

"Amalume, ndikufuna ndiwauze ophika zoti akukonzereni. Nkhumba ndi mowa ndikudziwa. Nanga nkhuku yosazinga mumadya?"

"Iyayi mwanangu, koma usavutitse anthu. Ndidya masamba."

"Masamba awo amathira bekoni, amalume. Nsomba atakuphikirani payokha mungadye?"

"Nsomba ndiye bwino."

Funso lachiwirilo ndi limene lapulumutsa amalume ku zitheba za bekoni. Tsopano mtsikanayo ali ndi uthenga woti wophika angaugwiritse ntchito: popanda nkhumba, popanda nyama ina iliyonse kapena msuzi wake, popanda mowa, nsomba ndi yololedwa, mazira ndi mkaka ndi zololedwa.

Kenaka akuimba foni ku lesitilanti pakati pa 2 ndi 4 koloko masana, pamene khitchini yapuma, ndi kupempha manijala kapena shefu. Sakufunsa kuti "kodi muli ndi chakudya cha halaal?" kapena "kodi izi zilibe guluteni?" Mafunso otero amayankhidwa ndi "inde" wofulumira. Akufunsa mafunso oti munthu afotokoze: zitheba mumaphika ndi chiyani? Mu fulaya ya tchipisi mumakazingamonso chiyani? Giravi mumalimbitsa ndi chiyani? Chigoba cha payi mumapanga ndi mafuta anji?

Tinene kuti mayankho ndi awa. Zitheba zili ndi bekoni. Fulaya ndi imodzi, ya tchipisi, nkhuku ndi nkhumba yokutidwa ufa ija. Giravi ndi wa ufa wa tirigu ndi msuzi wa nkhuku. Mbatatesi yopota ili ndi batala ndi mkaka basi. Saladi amaikapo tizidutswa ta buledi wouma, tchizi ndi bekoni. Chigoba cha payi ndi cha tirigu ndi mafuta a nkhumba.

Kwa amalume, nkhuku yachoka, zitheba zachoka, giravi wachoka, payi wachoka. Tchipisi nazo zachoka, ngakhale ndi mbatatesi chabe, chifukwa cha mafuta. Zatsala mbatatesi yopota yopanda giravi, saladi yopangidwa payokha, ndi nsomba. Nsombayo iphikidwe mu poto wotsuka kapena pa pepala la aluminiyamu, osati pa chitsulo chachikulu chija chimene m'mawa amawotcherapo bekoni, ndipo popanda vinyo. Buledi wa chimanga adikire kaye kufikira wophika atawerenga paketi ya ufa wake.

Kwa mnyamata wa seliyaki, nkhuku yokazinga, tchipisi, giravi, buledi wa chimanga ndi payi zonse zachoka. Zitheba za bekoni kwa iye zikhoza kukhala bwino ngati sanathiremo msuzi wa m'paketi wokhala ndi tirigu. Nkhuku yowotcha yopanda ufa, mu poto wakewake, ndi yabwino. Saladi yake ipangidwe mu mbale yatsopano. Kutola tizidutswa ta buledi pamwamba pa saladi yopangidwa kale sikuchotsa nyenyeswa zimene zagwera pansi. Ndipo popeza chakudya ndi chogawana, mbale yake ibwere yokonzedwa kale kuchokera kukhitchini, asatengere m'mbale zapakati momwe supuni ya giravi imatha kulowa mu mbatatesi.

Kwa msuweni wa vigani, ngakhale mbatatesi yopota yachoka. Zatsala mbatatesi yootcha yopanda batala, masamba ophikidwa m'mafuta a mbewu, ndi saladi ya mafuta ndi viniga. Za fulaya mumufunse yekha, chifukwa avigani ena salabadira mafuta ogawana, ena amalabadira.

Onani kuti tchipisi zomwezo zakanidwa ndi anthu awiri pa zifukwa ziwiri zosiyana, ndipo zitheba zimene amalume sangadye mnyamata akhoza kudya. Mbale imodzi "yapadera" ya onse atatu si yankho labwino, ngakhale khitchini yotanganidwa ingakonde kutero.

Tsikulo litafika, mtsikanayo sakudalira foni ija, popeza amene analankhula naye mwina sali pa ntchito. Akubwereza kwa weyitala, munthu mmodzimmodzi, akuloza mpando wake, ndipo akupempha weyitalayo kuti awerenge zimene walemba. Pa sikirini ya kukhitchini payenera kuoneka zonga izi:

```
SEAT 3: NO PORK, NO MEAT/BROTH, NO ALCOHOL. FISH OK. CLEAN PAN, NO FRYER
SEAT 7: CELIAC (MEDICAL). NO GLUTEN. CLEAN PAN, NO FRYER
SEAT 9: VEGAN. NO BUTTER, MILK, EGG, HONEY
```

Mzere uliwonse uli ndi mpando ndi chimene sichiloledwa, ndipo mizere iwiri yoyambayo ilinso ndi kaphikidwe. Wa amalume ulinso ndi chimene chaloledwa, ndipo chimenechi n'chofunika, chifukwa wophika amene wangouzidwa zoletsedwa amatumiza letesi wouma. Wa mnyamata uli ndi chifukwa chake, kuti khitchini idziwe kuti apa nyenyeswa ndi nkhani.

Mbale zikabwera, wonyamula atchule yekha kuti iyi ndi ya seliyaki. Malo ena amabaya kamtengo ka mtundu wina pa mbale yotero kapena manijala amabwera nayo yekha. Ngati wonyamula sakudziwa kuti mbale yapadera ndi iti, uthenga waduka penapake, ndipo mbaleyo ibwerere. Zizindikiro zina ndi kabanzi koikidwa m'mphepete mwa mbale, tchipisi zimene simunaitanitse, kunyezimira kwa batala pa masamba, kapena saladi imene yabwereranso mu mphindi imodzi mutaibweza. Imeneyo angoitola pamwamba.

Musaonjezere, musachepetse

Ena amalangiza kuti kunena kuti "zimandiwenga" ndi njira yachidule yoti khitchini ikumvereni, ngakhale nkhani ili ya chipembedzo. Ine sindigwirizana nazo. Mukanena kuti nkhumba imawawenga amalume, wophika asamala za nkhumba ndi kuwapatsa nkhuku yosazinga yothira vinyo, chifukwa simunamuuze nkhani yeniyeni. Komanso uthenga wa ziwengo umaimitsa mzere wonse wa khitchini, kutsuka ndi kusintha magolovesi. Ophika akaona munthu amene anati mkaka umamuwenga akudya ayisikirimu pamapeto, mlendo wotsatira amene akunena zoona samukhulupirira mokwanira.

Kuchepetsa ndi koopsa kuposa apo. Kwathu ziwengo timaziona ngati totupa ta pakhungu toyabwa basi, ndiye mwana womasulira akhoza kunena mopepuka. Koma ziwengo za mtedza, nkhanu kapena mkaka zimatha kutseka kummero ndi kugwetsa kuthamanga kwa magazi m'mphindi zochepa. Munthu akayamba kutupa milomo kapena lilime, kubanika kapena kukomoka atadya, mubayeni epinefirini wake pantchafu nthawi yomweyo ndipo imbani `911`, ngakhale ataoneka kuti wapeza bwino, chifukwa vutolo limatha kubwereranso.

Izi zimatikhudza kwambiri pamene ophika ndife. Pa phwando la Amalawi, mlendo wa kuno sangaganize kuti mu mpiru kapena mu nkhwani muli mtedza. Ndiwo zotendera zimaoneka ngati masamba a kirimu. Lembani kapepala pa mphika uliwonse wa nsinjiro, uikeni patali ndi ndiwo zina, ndipo ukhale ndi chipande chakechake. Zitumbuwa za ufa wa chimanga zikakazingidwa m'mafuta a mandasi zatenga guluteni, ndipo timakyubu tina ta supu timene timathira mu nyemba timakhala ndi tirigu kapena mafuta a nkhuku.

Wophika akanena kuti sangatsimikize, womasulira abweze yankho lomwelo kwa mlendo. Kulifewetsa kuti "akuti ayesetsa" ndi kumusankhira mlendo chinthu chimene akanakana.

Ana monga omasulira, ndi khitchini ya kusukulu

Monga mphunzitsi ndimaona ana a zaka 8 kapena 9 amene Chingerezi chawo ndi chosalala kuposa cha makolo awo, koma Chingerezi chosalala si kudziwa kuti giravi amapangidwa ndi ufa. Mwana wamng'ono amachitanso manyazi kufunsa weyitala kachitatu. Nkhani ikakhala ya seliyaki kapena ziwengo, wamkulu alembe kakhadi ka Chingerezi kotchula matendawo, zakudya zoletsedwa ndi za ziwiya, kuti kaperekedwe kwa wophika m'manja. Mwanayo athandize kulankhula, koma kakhadiko ndi kamene kalowe kukhitchini.

Kusukulu dongosolo ndi lolembedwa. Sukulu zimene zili mu pulogalamu ya boma ya chakudya cha masana, imene imayendetsedwa ndi USDA, ziyenera kusintha chakudya cha mwana amene ali ndi vuto la chipatala monga seliyaki kapena ziwengo, ndipo zimapempha kalata yosainidwa ndi dokotala kapena wachipatala wina wovomerezeka. Kalatayo itchule vutolo, zakudya zochotsa ndi zolowa m'malo mwake. Kuuza mphunzitsi wa m'kalasi pakamwa sikufika kukhitchini. Pitani nayo kwa nesi wa pasukulu ndi kwa woyang'anira chakudya, ndipo mufunse tsiku limene kusinthako kuyambe, kuti mpaka tsikulo mwana azinyamula chakudya kunyumba. Pa halaal ndi vigani sukulu imaloledwa kuthandiza koma lamulo siliikakamiza. Pemphani menyu ya mwezi wonse, lembani masiku a pepaloni, hamu ndi soseji pamodzi ndi mwanayo, ndipo mufunse ngati soseji yawo ndi ya nkhumba kapena ya nkhukundembo, chifukwa sukulu zambiri zimagula ya nkhukundembo koma pa menyu salemba.